Samoa inadumpha Lachisanu: tingazinene bwanji m'Chichewa?

Funso: Ndine mphunzitsi, ndipo ndikukonza phunziro la nthawi za m'mayiko osiyanasiyana. Ndalemba kuti "mu 2011 dziko la Samoa linasamukira tsidya lina la mzere wa masiku ndipo linataya tsiku limodzi." Mnzanga akuti chiganizochi chisokoneza ana. Kodi cholakwika n'chiyani, nanga ndilembe bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo wakuthandizani. Galamala ya chiganizo chanu ilibe vuto, koma aneni awiri, "linasamukira" ndi "linataya", akunena zinthu zimene sizinachitike.

Samoa ndi dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific, ndipo likulu lake ndi Apia. Zilumbazi zili kum'mawa pang'ono kwa madigiri 180, dera limene pamadutsa mzere wongoganizira umene deti imasinthira. Mu 1892 mfumu ya ku Samoa inavomera pempho la amalonda a ku America loti dzikolo lizitsatira deti ya kwawo. Patapita zaka zoposa 100 zinthu zinatembenuka. Katundu wambiri ankachokera ku New Zealand ndi ku Australia, ndipo Asamoa ochuluka anali atakhazikika kumeneko. Koma Apia inali m'mbuyo mwa New Zealand ndi maola 23.

Tangoganizani wogulitsa m'sitolo ku Apia amene akufuna kuitanitsa katundu ku Auckland, mzinda wa ku New Zealand. Akaimba foni Lachisanu m'mawa, kumeneko n'kuti kuli Loweruka ndipo maofesi ngotseka. Lolemba a ku Auckland akamamuyankha, iye ali kutchalitchi chifukwa kwawo kukadali Lamulungu. Pa masiku asanu ogwira ntchito, ankakumana pa masiku anayi okha. N'chifukwa chake boma la nduna yaikulu Tuilaepa Sailele Malielegaoi linakhazikitsa lamulo loti Lachinayi pa 29 Disembala 2011 likangotha pakati pa usiku, tsiku lotsatira likhale Loweruka pa 31 Disembala. Zilumba za Tokelau, zomwe zili pansi pa New Zealand, zinachitanso chimodzimodzi usiku womwewo.

Tsono tione mneni woyamba uja. "Kusamuka" m'Chichewa ndi kunyamula katundu n'kuchoka pamalo. Mwana akamva kuti dziko linasamuka, aganiza za anthu okwera zombo, kapena za zilumba zoyenda panyanja. Zilumba zili pomwe zinali. Chimene chinasuntha ndi mzere wa pamapu, umene kale unkadutsa kumadzulo kwa Samoa koma tsopano ukudutsa kum'mawa kwake. Ndipo mzerewo sunasunthe wokha, komanso palibe bungwe la dziko lonse limene linausuntha. Dziko lililonse limasankha lokha deti yoti lizitsatira, ojambula mapu n'kumangokhotetsa mzere motsatira zimenezo. Choncho mwininkhani wa chiganizo chanu akhale boma kapena anthu: "boma la Samoa linasintha deti." Mukafuna kutchula mzerewo, "mzere wosinthira masiku" ukumveka bwino kuposa "mzere wa masiku", chifukwa ukunena ntchito yake.

Mneni wachiwiri ndiye amene ndikufuna tichedwepo. Timataya chinthu chimene tinali nacho m'manja. Komanso tikati munthu "wataya tsiku", Mchewa aliyense amamva kuti munthuyo watha tsiku lonse osachita chaphindu. Ku Samoa palibe amene anataya ngakhale mphindi imodzi. Dzuwa linalowa, anthu anagona, kunacha monga mwa masiku onse. Mawotchi sanakhudzidwe n'komwe: amene ankaonetsa 12 koloko usiku anapitiriza kuonetsa 12 koloko. Chimene chinasowa ndi dzina ndi nambala ya tsiku pa kalendala.

Apa Chichewa chimatipusitsa pang'ono, chifukwa mawu oti "tsiku" timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri. Pali tsiku la dzuwa, lija timati kwacha, kwada. Palinso tsiku la pa kalendala, lomwe ambiri timalitcha deti. Loyambalo boma silingalikhudze. Lachiwirilo ndi pangano la anthu, ndipo anthu angalisinthe. M'phunziro ngati lanu, lekanitsani ziwirizi poyera, ndipo musachite manyazi kulemba "deti". Ndi mawu amene ana amawamva tsiku ndi tsiku m'kalasi, ndipo alowa kale m'chinenero chathu.

Mneni woyenera ndi "kudumpha", kapena "kulumpha" monga ena amanenera. Timadumpha tsamba powerenga, timadumpha dzina poitana mayina, ndipo aliyense amadziwa kuti wodumphayo wapita pa chotsatira osaima pa chapakaticho. "Kuphonya" sikukwana chifukwa kumamveka ngati ngozi, pomwe izi zinakonzedwa ndi lamulo miyezi ingapo zisanachitike. "Kujomba" n'kwa munthu amene sanapite kumene ankayembekezeredwa. "Kufafaniza" kungathe, ngati mukunena za kalendala yeniyeniyo.

Mayina athu a masiku angakuthandizeni kwambiri pophunzitsa zimenezi, chifukwa ambiri mwa iwo ndi owerenga: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Lembani pabolodi sabata ija ya ku Samoa, ana aona okha kuti pakati pa Lachinayi ndi Loweruka pali mpata. Kenako afunseni kuti munthu wa ku Apia, atadzuka Loweruka lija, akati "dzulo" akunena tsiku liti. Yankho ndi Lachinayi, ndipo "dzana" ndi Lachitatu. Mawu oti dzulo, dzana, mawa ndi mkuja amawerenga kucha ndi kuda, sawerenga kalendala. Kuno kwathu Lachisanu lija linalipo lathunthu. Pa nthawi imene Samoa inkalowa Loweruka, ku Lilongwe inali 12 koloko masana Lachisanu pa 30 Disembala.

Kudumpha dzina la tsiku kunabweretsa mafunso enieni. Boma linalamula kuti antchito alipidwe za Lachisanu limene silinafikelo. Akhristu a mpingo wa Seventh Day anasiyana maganizo pa nkhani ya Sabata: ambiri anati akawerenga masiku asanu ndi awiri mosadumpha, lopumula likugwera tsiku limene kalendala yatsopano ikulitcha Lamulungu, pomwe ena anatsatira dzina loti Loweruka. Mkangano umenewu ndi womwe uja wa tsiku la dzuwa ndi deti.

Samalaninso ndi mawu oti "patsogolo" ndi "m'mbuyo". Tikati "msonkhano aupititsa patsogolo", ena amamva kuti uchedwa, ena amamva kuti ukuyenda bwino. Pa nkhani ino nenani chinthu chimene chapita patsogolo: "anapititsa kalendala patsogolo ndi tsiku limodzi." Zosiyana ndi zimenezi ndi zomwe zinachitika mu 1892 muja, pamene Samoa inakhala ndi 4 Julayi kawiri. Pamenepo mneni wake ndi "kubwereza": anabwereza tsiku. Dziko la Philippines nalo linadumpha 31 Disembala 1844, litasiya kudalira zombo zochokera ku Mexico, kotero mneni yemweyo mungamugwiritsenso ntchito kumeneko.

Ine ndikanalemba motere: "Mu 2011 boma la Samoa linasintha deti kuti lizifanana masiku ndi New Zealand ndi Australia, mayiko amene limachita nawo malonda. Anthu anadumpha Lachisanu pa 30 Disembala: anagona Lachinayi, n'kudzuka Loweruka." Mukafuna chitsanzo choti ana aone pamapu, asonyezeni American Samoa, yomwe ili pafupi kum'mawa ndipo sinasinthe deti. Masiku ano wotchi ya ku Apia ndi ya ku Pago Pago, likulu la American Samoa, zimaonetsa ola lofanana, koma ku Apia kukakhala Lolemba, ku Pago Pago kumakhala kukadali Lamulungu.