Nyimbo Ikamaipiraipira Pakuisintha Mafayilo

Funso: Ndili ndi nyimbo imene ndinajambula kuno ku Blantyre. Ndinaisintha kupita ku MP3, kenaka AAC, kenakanso MP3, ndipo tsopano ikumveka ngati ili m'madzi. Chalakwika n'chiyani?

Achimwene, MP3 ndi AAC zimachepetsa fayilo potaya mbali zina za mawu zimene khutu silizimva bwino, ndipo zikatayidwa sizibwereranso. Nyimbo ya pa CD imakhala ndi makilobiti pafupifupi 1,411 pa sekondi, pamene MP3 ya 128 kbps imasunga osakwana gawo limodzi mwa magawo khumi. Mukasinthanso, pulogalamu imayamba yamasula fayiloyo n'kuipanikizanso, osadziwa kuti yataya kale zina. Zolakwika za ulendo woyamba imaziyesa nyimbo yeniyeni, n'kuonjezerapo zakezake. N'chimodzimodzi kuchita fotokope pepala limene linali kale fotokope.

Mvetserani ndi mahedifoni pamene woimba akutchula "s", kapena pomwe zisekese zikulira. Pamenepo ndi pomwe pamayambira kumveka phokoso la madzi lija, ndipo ng'oma imasiya kugunda mwakuthwa.

Bwererani ku situdiyo mukatenge WAV kapena FLAC. Izi sizitaya kanthu. Kudula ndi kukweza mawu muzichitira pa imeneyo, ndipo MP3 iliyonse izichokera pomwepo, kamodzi kokha, mwachitsanzo polemba lamulo ili la pulogalamu yosinthira mafayilo ya ffmpeg:

```
ffmpeg -i nyimbo.wav -b:a 320k nyimbo.mp3
```

Musadzivute kukweza MP3 ya 128 kupita ku 320 kapena ku WAV, fayilo ingokula koma zotayika sizibwera. Ngati WAV inasowa, sungani MP3 yoyambirira ija osaisinthanso.