Nkhwazi ya pa Chilwa isamatuluke ngati ya ku Amereka

"Achimwene, ndine mphunzitsi kuno ku Zomba. Ndikufuna chithunzi cha nkhwazi ikugwira nsomba pa nyanja ya Chilwa choti ndionetse ana. Pulogalamu yopanga zithunzi ikungondipatsa mbalame yachilendo, madzi obiriwira ndi mapiri a chipale. Ndilembe bwanji?"

Aphunzitsi, mbalame ikukubwereraniyo ndi chiombankhanga cha ku North America. Mapulogalamuwa anaphunzira pa zithunzi zochuluka za kumeneko, ndiye mukangolemba `eagle` amathamangira chomwe anachizolowera, n'kubwera nacho pamodzi ndi mapiri ake. Kuchizindikira n'kosavuta: mlomo wonse ndi wachikasu ndipo kuyera kwathera m'khosi. Nkhwazi yathu kuyera kumatsika mpaka pachifuwa ndi kumsana, mimba ndi yofiirira, mapiko akuda, mchira woyera waufupi, ndipo mlomo ndi wachikasu kutsinde koma wakuda kunsonga. Lembani dzina lonse, muwonjezere mitunduyi, komanso munene kuti ndi yaikulu msinkhu, poti yaing'ono imakhala yamawangamawanga kwa zaka zingapo.

Chachiwiri ndi zomwe mbalameyo ikuchita, ndipo apa ndi pomwe zithunzi zambiri zimanama. Nkhwazi sidumphira m'madzi chamutu. Imatsika chopendekeka, imaponya miyendo kutsogolo, n'kutsomphola nsomba yomwe ili pamwamba penipeni pa madzi, thupi osamira. Mawu oti `hunting` ndi otakata kwambiri. Pulogalamu imangosankha chodabwitsa, mwina nsomba ili kukamwa, mwina madzi akuthovoka mpaka kumwamba. Sankhani kamphindi kamodzi kokha mukafotokoze. Ine ndimakonda kamphindi ikangoigwira kumene: mapiko m'mwamba, miyendo ikulendewera, nsomba m'zikhadabo, madontho ochepa. Nsombayo ikhale yaing'ono, ngati kamlamba. Mukaisiya osaitchula mudzapatsidwa nsomba ya m'mitsinje yozizira ya kunja.

Tsopano malo. Dzina loti Chilwa palokha silithandiza kwenikweni, muyenera kunena zomwe maso amaona munthu ataima pa doko la Kachulu. Nyanjayi ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo madzi ake ndi amatope, otuwa mofiirira. M'mbali mwake ndi madambo a njedza, malo athyathyathya, patali chilumba cha Chisi. Madambo amenewa ndi mbalame zake ndi omwe anachititsa kuti Chilwa ilowe mu 1996 m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, choncho njedza isasowe pachithunzi.

Kuwala ndiye kumene anthu salabadira. Kachulu ali kumadzulo kwa nyanja. Mukayang'ana kumadzi m'mawa, dzuwa limatuluka kutsogolo kwanu, mbalame imaoneka bii, nthenga zoyera zikungowala m'mphepete. Ngati mukufuna ana aone mitundu ya nthenga, pemphani dzuwa la madzulo lochokera kumbuyo kwa wojambula. Nyengonso itchuleni. Mu Okutobala mpweya umadzaza fumbi ndi utsi wa moto wolusa, mapiri akutali amaoneka mwachimbuuzi ndipo dzuwa limafiira. Nthawi ya chiperoni, cha mu Juni ndi Julayi, kumwamba kumatuwa ndipo zithunzithunzi zimafewa. Osasakaniza ziwirizi.

Zonse pamodzi zikhala chonchi:

```
Adult African fish eagle, white head and chest, chestnut belly,
black-tipped beak, lifting a small catfish in its talons from
shallow muddy grey-brown water, flat bulrush marsh, hazy distant hill,
late afternoon sun behind camera, dry season, telephoto photo
```

Mwaona kuti mulibe mawu ngati `epic`, `majestic` kapena `8K`. Amenewo ndi omwe amabweretsa thambo lamoto ndi nthenga zonyezimira ngati zapakidwa mafuta, ine sindiwafuna n'komwe. Komanso musalembe `no snow` m'kati mwa chiganizo, chifukwa mapulogalamu ena amangomva chipalecho n'kuchijambula. Ngati yanu ili ndi malo olembapo zosafunika, ikani kumeneko. Pa pulogalamu ya Midjourney ndi `--no snow, pine trees`.

Chithunzi chikatuluka, chikulitseni muyambe ndi mapazi. Zala zikhale zinayi phazi lililonse, zitatu kutsogolo, chimodzi kumbuyo, ndipo zigwiredi nsomba, osati kusungunukira m'thupi mwake. Kenako onani ngati mbali yowala ya mbalame ikugwirizana ndi mbali yowala ya njedza. Zikasemphana, ndiye kuti pachithunzipo pali madzuwa awiri. Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, apo ayi simudziwa chomwe chathandiza. Mlomo ukakanirira kukhala wachikasu wonse, ndi bwino kusankha kachigawo ka mutu kokha n'kukajambulitsanso kusiyana n'kuyambiranso chithunzi chonse.

Ana muwauze kuti chithunzicho n'chopangidwa ndi makina. Ena mwa iwo kwawo ndi kunyanja komweko, ndipo chikalakwika adzakuuzani msanga kuposa ine.