Nanga chete ndimulembe bwanji m'chimangirizo?

"Alangizi, ndili chaka choyamba ku yunivesite, ndikuphunzira zamasewero. Atipatsa sewero la Chekhov, The Cherry Orchard, kuti tilembe za tanthauzo lobisika m'zokambirana za atengambali. Ine ndikuona anthu ongokamba za nyengo ndi katundu, palibe chikuchitika. Ndinalemba kuti Lopakhin amakonda Varya koma ndi wamanyazi, alekichala n'kulemba kuti 'umboni uli kuti?' Bambo akuti maphunziro amenewa ndi otaya nthawi, ndisinthe. Ine ndimafuna kudzakhala wolemba masewero wotchuka."

Alekichala ako sanalakwe. Chiganizo chakocho chikumveka ngati chochokera m'zidule za pa intaneti, ndipo makalata otere ndimalandira semesita iliyonse kuchokera kwa ophunzira amene amawerenga zonena za anthu ena pa sewero, sewerolo osalitsegula. Tsegula gawo lachinayi, pamene Ranevskaya, amene anali mwini munda wa zipatso umene seweroli likukamba, akutuluka kukaitana Varya, ndipo uwerenge mokweza ndi mnzako mmodzi. Pamene palembedwa kuti akhale chete, khalanidi chete, muwerenge mumtima mpaka 5. Ukangodumpha malo amenewo ndi maso, sewero la Chekhov limaonekadi lopanda kanthu.

Kumbukira zimene zachitika kale. Lopakhin, wamalonda amene bambo ake anali kapolo wa pamunda womwewo, wagula mundawo pa okushoni m'gawo lachitatu. Banja la Ranevskaya likusamuka. Varya, mwana wolera wa Ranevskaya, wazaka 24, alibe kopita kupatula kukagwira ntchito yosamala nyumba ya anthu ena. Ndipo Lopakhin wangouza kumene Ranevskaya kuti ndi wokonzeka kumufunsira, nkhaniyi ithe lero lomwe. Choncho Varya akamalowa, onse awiri akudziwa chimene chawakumanitsa, ndipo ife oonera tikudziwanso.

Taona tsopano zimene akunena. Varya akufufuza m'katundu, akuti pali chinthu sakuchipeza, koma sakutchula kuti n'chiyani. Lopakhin akumufunsa kumene akupita, mtunda wake, n'kunena kuti iye akupita ku Kharkov. Kenako akuyamba za nyengo: chaka chatha nthawi ngati ino kunali kutagwa kale chipale, lero kuli dzuwa koma kukuzizira, madigiri 3 pansi pa ziro. Varya akuyankha kuti sanayang'ane, komanso chipangizo chawo choyezera kuzizira chinasweka. Chete. Munthu akuitana Lopakhin panja, ndipo Chekhov walemba m'malangizo kuti akuyankha ngati munthu amene wakhala akudikira kuitanako nthawi yaitali, n'kutuluka msangamsanga. Varya akukhala pansi, mutu pa mtolo wa zovala, akulira chamumtima.

Palibe amene watchula ukwati, komabe ukwati wakanika pamaso pathu. Tanthauzo lobisika limene akufunsa ndi limeneli: mpata umene uli pakati pa zimene munthu akunena ndi zimene akufuna kapena akuthawa. M'sewero lofuna kufanana ndi moyo weniweni kawirikawiri mulibe mtengambali woima yekha n'kuulula za mumtima mwake kwa oonera monga amachitira Macbeth. Anthu amazemba nkhani ngati mlendo wobwera kudzakongola ndalama amene amayamba ndi za mvula ndi feteleza. Ntchito yako ndi kusonyeza pamene akuzembera.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa tanthauzo lobisika silingaikidwe m'mitengero. Silinalembedwe. Zimene ungatenge ndi mawu olankhulidwa, malangizo a wolemba amene amakhala m'mikutiramawu kapena m'zilembo zopendekeka, ndi mawu a malo ena m'seweromo amene akuunikira malowa. Chete amalembedwa pokopera langizolo pamalo pake enieni, limodzi ndi mawu a patsogolo ndi a pambuyo pake. Langizo la chete lili lokha silitsimikiza kanthu. Ukatenga mizere ya anthu angapo, uyambe pamzere watsopano, ulowetse mkati pang'ono, dzina la wolankhula patsogolo, popanda mitengero. Ndamasulira ndekha kuti uone kaimidwe kake, koma iwe ukopere ndendende kuchokera m'buku lako:

VARYA: Sindinayang'ane. (Chete.) Komanso choyezera chathu chinasweka... (Chete.)
(Mawu ochokera panja akuitana Lopakhin.)
LOPAKHIN (ngati wakhala akudikira kuitanaku): Ndikubwera! (Atuluka msanga.)

Pansi pake pabwere mawu ako, ndipo achuluke kuposa amene watenga. Unganene kuti chete wachiwiriyo ndi mwayi womaliza wa Lopakhin, chifukwa nkhani ya nyengo yatha ndipo palibenso pobisala. Kuti langizo la kudikira kuitana likusonyeza mpumulo wa munthu wopulumuka, osati chisoni cha munthu wosokonezedwa. Uone kuti mfundo imeneyi ikugwedeza ganizo lako loti amamukonda koma ndi wamanyazi. Munthu ameneyu sanachite manyazi pa okushoni. M'gawo loyamba akuuza Ranevskaya kuti amamukonda kuposa m'bale wake weniweni, ndipo m'gawo lachitatu Varya akudandaula kuti kwa zaka ziwiri aliyense akukamba za ukwatiwu, koma mwini wake amangokhala chete kapena kuchita nthabwala. Ine ndimaona kuti mtima wa Lopakhin uli kwa Ranevskaya ndi ku ntchito zake, ndipo kwa Varya ali ndi ulemu chabe. Ukhoza kutsutsa, bola ubwere ndi mizere. Ndipo polemba gwiritsa ntchito mawu ngati "izi zikusonyeza" kapena "zikuoneka kuti", usalembe ngati unalowa m'mutu mwake.

Samala ndi timadontho titatu. Chekhov amatigwiritsa ntchito kwambiri posonyeza mawu othera m'malere, choncho iwe ukadula mawu, timadontho tako tiike m'mikutiramawu yamakona, woŵerenga asiyanitse kudula kwako ndi kukayika kwa Varya. Ndipo usadule langizo la chete pofuna kusunga malo, chifukwa ukhala wataya umboni womwe ukuufunawo. Potchula pamene watenga, iwala chizolowezi cha ku sekondale cha gawo, chigawo ndi nambala ya mzere monga mwa Shakespeare. Seweroli lili ndi magawo anayi opanda manambala a mizere, ndiye ulembe gawo ndi tsamba. Tchulanso womasulira, popeza linalembedwa m'Chirasha ndipo omasulira amasiyana. Pa chifukwa chomwecho usamange mfundo yonse pa liwu limodzi la Chingerezi. Zochita ndi malo a chete ndizo zimasungika bwino.

Kwa bambo ako ndili ndi mawu ochepa. Kuchotsa mwana pa maphunziro chifukwa cha asayinimenti imodzi n'kupupuluma, ndipo kumangomuuza tsiku lililonse kuti akutaya nthawi kumangomuchititsa kuwerenga ndi mtima theka. Koma nawe usadzinamize. Ndi anthu ochepa amene amadya ndi kulemba masewero kokha; ambiri amaphatikiza ndi uphunzitsi, ntchito za pawailesi kapena zina, ndipo munthu amene sanaonebe chimene chikuchitika pakati pa Varya ndi Lopakhin ali kutali ndi kulemba lake. Chekhov mwiniwake anali dokotala, ndipo seweroli linaonetsedwa koyamba ku Moscow mu Januwale 1904, miyezi yochepa asanamwalire, atalemba kwa zaka zoposa 20.

Komabe unaona wekha kuti akukamba za nyengo pamene sizikuyenera, ndipo ambiri saona ngakhale zimenezo. Lembanso ndime imodzi yokha pa malo amenewa, upite nayo kwa alekichala nthawi ya ofesi, uwafunsenso kalembedwe ka maumboni kamene dipatimenti yanu imafuna, chifukwa kamasiyana.