Akazi anga akuti sindimawamva, chonsecho ndimakhala ndili pompo

"Zikomo, ine ndili ndi vuto kunyumba. Mayi akunyumba amagulitsa kaunjika, nde akabwera madzulo amayamba kudandaula za bizinesi, ine ndimawapatsa nzeru pompo koma iwo amakwiya amvekere 'inu simumandimva'. Masiku ano angosiya kundiuza zinthu, amakamba ndi achemwali awo pafoni. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, tiyambire pa nthano zomwe tinkamvera kwa agogo madzulo. Akati "padangokhala" ife tonse "tilitonse", akapitiriza pang'ono ife "tilitonse", ndipo mukangokhala chete agogo ankasiya nthanoyo poganiza kuti ana agona. Munthu wamkulu akamafotokoza zakukhosi amafunanso tilitonse wakeyo, kungoti amamveka mwina: ee, mhm, eti, ndiye, aa, kenako? Timawu timeneti ntchito yake ndi kumuuza wolankhula kuti mpira ukadali kwa inu, pitirizani. Malangizo amachita zosiyana, amalanda mpirawo. Nde inu mukamapereka nzeru pa chiganizo choyamba mumakhala mwayankha nkhani yomwe isanakambidwe nkomwe, chifukwa anthu ambiri sayambira pa chomwe chikuwawawa, amayamba ndi chapamwamba kuti aone kaye ngati muli nawo.

Tiyerekeze madzulo ena. Mayi afika, aponya chikwama pampando, akuti "ine bizinesi imeneyi ndatopa nayo". Pamenepa ambirife timathamangira kunena kuti ingosiyani muyambe ina, kapena sinthani malo ogulitsira. Inu musatero. Ikani foni pansi chafufumimba, chepetsani wailesi, munene "mhm, zatani lero?" basi. Ayamba kufotokoza kuti belo la ulendo uno linali ndi zovala zong'ambika zambiri, makasitomala akungonenerera, inu "aa", "ee", "ndiye?". Akaima kaye musadumphirepo, werengani chamumtima mpaka 3, nthawi zambiri chenicheni chimatuluka pakadutsa kachete kameneka. Nde mumva akuti, "komanso mng'ono wanu uja anatenga majekete a K80,000 pangongole mwezi wathawu mpaka lero ziii."

Apa mpamene mumabwereza zomwe mwamva, koma m'mawu anuanu komanso mwachidule, chiganizo chimodzi chakwana: "Ndiye kuti belo silinayende bwino, kuwonjezera apo mpamba wina wamangika kwa mng'ono wanga?" Muone kuti ndaika ngati funso, mawu akwere kumapeto, cholinga chake nchakuti ngati mwamva molakwika akukonzeni. Ndipo akakukonzani musakhumudwe, zikatero ndiye kuti zikuyenda. Mwina anena "belo ndi zazing'ono, zimachitika, koma ine ndikulephera kukatenga lina Loweruka chifukwa cha ndalama imeneyo". Mwaona? Mukanawauza kuti asinthe malo ogulitsira mukanakhala mukuchiza mwendo pomwe chikupweteka ndi dzino.

Kenako funso lofuna kumvetsa. Limafunika pamene pali mawu omwe angatanthauze zinthu ziwiri, ngati "ndatopa" uja. Mufunse kuti "mukati mwatopa, ndi bizinesiyo kapena ndi nkhani ya ngongoleyi?" Kapena "munayesapo kumukumbutsa, anati bwanji?" Mwina yankho likhala lakuti "ndimukumbutse bwanji mlamu wanga, anthu adzati mkazi uja ngwankhanza". Apa nde pagona nkhani yonse, akuchita manyazi kulonjerera ngongole kwa m'bale wanu ndipo amadikira kuti mwina inu muzindikira nokha. Mubwerezenso, ulendo uno mutchule ndi mmene akumvera: "zikukuvutani kumuuza chifukwa ndi wakuchimuna, nde mwangosenza nokha". Chizindikiro choti mwalasa nchosavuta kuchiona, munthu amati "eya, ndi zimenezo", mapewa amatsika, mawu amafewa. Akati "ee kaya" kapena "basi zisiyeni" dziwani kuti mwaphonya kapena mwafulumira. Nzeru zanu zija zibwere pambuyo pake ndipo mupemphe kaye, "ndiye mukufuna ndilankhule naye ineyo, kapena tiganizire limodzi?"

Funso limodzi lomwe ine ndimalipewa kwambiri ndi la "chifukwa chiyani". "Munamukongoza chifukwa chiyani?" pa Chichewa limamveka ngati mlandu ngakhale mutalinena mofatsa bwanji, munthu amayamba kudziteteza m'malo mofotokoza. Nenani kuti "zinayenda bwanji kuti atenge?", mupeza yankho lomwelo popanda kumuimika munthu pabwalo. Komanso mafunso asachuluke, awiri atatu pa nkhani yonse akwana, akapitirira pamenepo zimakhala ngati ali kupolisi akulembetsa sitetimenti. Palinso malangizo obisala mu funso, monga "simukuona kuti zikanakhala bwino mukanakana?", limenelo si funso ayi ndipo mayi alizindikira msanga.

Timawu tating'ono tija tilinso ndi msampha wake. "Ee ee ee" wothamanga, wobwera munthu ali pakati pa chiganizo, amatanthauza kuti fulumirani mumalize. Ayenera kugwera pomwe wolankhula wapumira. Chinanso "ee" amatha kumveka ngati mwavomera, nde ngati akunena zoti simukugwirizana nazo, monga "mng'ono wanuyo ndi wakuba", gwiritsani "mhm" kapena "ndikumva" kenako mubwereze chomwe chili pansi pake, "wakukhumudwitsani kwambiri eti". Za kuyang'ana m'maso zomwe mabuku achizungu amalimbikira musazitengere kwambiri, kwathu kuno munthu amatha kumvetsera ndi ulemu wonse akuyang'ana pansi, nchifukwa chake kwa ife khutu limagwira ntchito yaikulu, munthu amafuna amve kuti mulipo. Pafoni nde kwambiri, mukangokhala chete pang'ono mumva "halo, mukundimva?". Ndikukhulupirira kuti achemwali awo aja pafoni amachita zimenezi mwachibadwa, ndicho chifukwa nkhani zikupita kumeneko.

Njirayi anailemba bwino ndi akatswiri a zamaganizo a ku America, Carl Rogers ndi Richard Farson, mu 1957, ndipo iwo anachenjezeratu kuti singagwire ngati mumtima mulibe chidwi chenicheni ndi munthuyo. Ine ndikuvomereza. Mukamabwereza chiganizo chilichonse mawu ndi mawu ngati mwana wa Sitandade 1 mayi adzakufunsani kuti mwayamba liti zimenezi. Bwerezani pokhapokha pafika mfundo yaikulu, kawiri kapena katatu basi.

Ndikuuzeninso malire ake kuti musadzati ndinakunamizani. Zimaphweka pamene akudandaula za wina, koma mlandu ukakhala wanu, akamati "inuyo simundithandiza", magazi amathamanga ndipo kubwereza mofatsa kumavuta zedi. Katswiri wina wa zamabanja, John Gottman, ndi anzake anatsatira mabanja 130 ongokwatirana kumene kwa zaka 6, ndipo mu 1998 anapeza kuti pa mkangano ngakhale mabanja okhazikika sankachita zimenezi kawirikawiri. Nde mukaona kuti mwatentha, nenani kuti "ndipume kaye, tikambirane tikatha kudya", ndipo mukatha kudya muyambitse ndinu.

Poti pano anasiya kukuuzani zinthu, musayembekeze kuti atsegula tsiku loyamba. Mukafunsa "kumsika kunali bwanji?" mwina angoti "bwino". Musakakamize, tchulani kanthu kamodzi komwe mwaona, "mwabwera ndi katundu wambiri lero", kenako mukhale chete muwapatse mpata. Akanena chiganizo chimodzi chokha chilandireni ndi "mhm, ndiye?" ndipo usiku umenewo musapereke langizo ngakhale limodzi pokhapokha atakufunsani okha.