Fomu younika ntchito: fewetsani zonena za munthuyo, koma tsiku limene anachedwa lisiyeni momwemo

"Achimwene, ndine mkulu wa ofesi ya zachuma pa kampani ina yaing'ono ku Lilongwe. Pansi panga pali bambo wina wamkulu msinkhu kuposa ine, amene amakonza malipiro ndi msonkho wa PAYE. Chaka chino achedwetsa msonkho katatu ndipo tinalipira chindapusa. Pa fomu younika kagwiridwe ka ntchito ndinalemba kuti ndi osasamala, amwano komanso osadalirika. Abwana oona za antchito andibwezera fomuyo, akuti ndifewetse. Koma ndikafewetsa, ndikuopa kuti bambowa sadzamva kuti vutoli ndi lalikulu. Nditani?"

Mayi, abwana amene akubwezerani fomuyo achita bwino, ndipo mantha anunso ndi oona. Kalata yanu yandikhudza chifukwa ndinaonapo ndi maso anga zimene kufewetsa kolakwika kumachita kwa munthu.

Ndinagwirapo ntchito pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Tinali ndi bambo wina woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, munthu waulemu, mkulu wampingo kwawo, amene aliyense ankamutchula kuti adadi. Kukagwa maliro kwa wina wa ife, ndi iwo ankayenda ndi kope kutolera chipepeso. Koma makadi awo a katundu sankagwirizana ndi zimene zinali pa shelefu. Kadi inkanena kuti matumba a simenti alipo 140, tikawerenga tinkapeza 128. Sanali wakuba ayi. Lole ikafika madzulo ankatulutsa katundu n'kunena kuti alemba mawa, mawalo n'kuiwala. Tonse tinkadziwa. Abwana awo ankadziwa kuposa tonsefe, ndipo ankadandaula tsiku ndi tsiku m'kantini, adadi kulibe.

Nthawi ya mafomu ikakwana, abwana aja ankalemba kuti: "Ndi munthu wodzipereka ndi wogwirizana ndi anzake. Angachite bwino kuonjezera chidwi pang'ono pa zolembalemba." Pa malikisi a 1 mpaka 5 ankawapatsa 3, kutanthauza kuti ntchito ikuyenda monga ikuyembekezekera. Adadi ankasayina akumwetulira, fomu n'kuipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la jekete. Iwo ankamva kuti ayamikiridwa, ndipo ankamva zoona, chifukwa n'zimene zinalembedwa. Chaka china kunabwera owerengera chuma ochokera kunja kwa kampani, kusiyana kuja kunaonekera poyera, eni kampani anakwiya, ndipo adadi anapatsidwa kalata yowachotsa ntchito. Ndimakumbukirabe ataima pakhomo la ofesi yathu atagwira mafomu awo akale onse, manja akunjenjemera, akufunsa kuti: "Nanga apa palembedwa pati kuti ndikulakwitsa?" Palibe anayankha. Panalibe poloza.

Anthu ankati abwana aja anali achifundo. Ine ndimakana mpaka lero. Chimene ankateteza ndi mtendere wawo, kuti asakhale pa mpando moyang'anizana ndi munthu wamkulu n'kumuuza zowawa. Amene analipira mtendere umenewo ndi adadi ndi ana awo amene anali pa sukulu. Akuluakulu anati mukabisa matenda, maliro tidzamva, ndipo m'maofesi mwathu muno matenda otere timawabisa kwambiri, n'kumati ndi ulemu. Timalemba kuti "zinthu zina zikumachedwerako", osanena kuti ndi zinthu ziti, wachedwetsa ndani. Timati "tiyeni tonse tiyesetse" pamene tikunena munthu mmodzi. Munthuyo amatuluka m'chipindamo akuganiza kuti nkhaniyo ndi ya ofesi yonse.

Palinso njira ija imene amaphunzitsa ku misonkhano ya mabwana, yakuti yambani ndi kuyamikira, ikani chidzudzulo pakati, malizani ndi kuyamikiranso. Ine sindiikhulupirira pa vuto lalikulu ngati lanuli. Munthu amanyamula mawu oyamba ndi omaliza. Ndipo amene anaizolowera njirayi, akangomva mukuyamba kumutamanda amauma thupi kudikira liwu loti "koma", moti ngakhale kuyamikira kwanu koona sakumvanso. Ngati bambo anuwo amakonza malipiro mosalakwitsa, lembani zimenezo pa malo ake a fomu, chifukwa ndi zoona. Musazigwiritse ntchito ngati chophimbira nkhani ya msonkho.

Tsono ndibwere kwa inu, chifukwa zimene munalembazo nazonso sizikanakuthandizani. Mukuganiza kuti mawu akuti osasamala, amwano, osadalirika ndi omveka bwino chifukwa ndi olimba. Ayi ndithu. Ndi owawa, koma sakunena kanthu kamene munthu angakonze Lolemba m'mawa. Bambowa akawerenga kuti ndi osadalirika, adzayamba kuwerengera zaka zimene akhala pa kampanipo osasowetsa ngakhale tambala imodzi, ndipo mkangano wonse udzakhala wa khalidwe lawo. Msonkho sudzatchulidwanso. Mudzakhala mwawapweteka, vuto lenilenilo n'kubisalanso, chimodzimodzi ndi fomu ya adadi ija. Kukalipa ndi kusisita zonse ziwiri zimathera pamodzi: tsiku la 14 silinalembedwe paliponse.

Ndikuti tsiku la 14 chifukwa m'pamene pagona nkhani yanu. Msonkho wa PAYE umene kampani yadula pa malipiro a mwezi uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Limenelo si ganizo lanu kapena kukonda kwanu, ndi lamulo limene bambowa akulidziwa bwino. Mukaima pa tsikulo simufunikanso kukweza mawu.

Ndiponso pali lamulo lina limene mabwana ambiri amalikumbukira madzi atafika kale m'khosi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake kapena khalidwe lake, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani, komanso kuti apatsidwe mpata woyankhapo pa zimene akumuneneza. Nkhani ikafika ku khoti loona milandu ya apantchito, ndi olemba ntchito amene ayenera kuonetsa chifukwacho. Fomu yolembedwa kuti munthu ndi wamwano sionetsa kanthu koma mkwiyo wa bwana. Fomu ya malikisi atatu ndi mawu okoma imachitira umboni wantchitoyo kuti sanauzidwepo. Sindikunena kuti lembani fomu ngati mukukonzekera mlandu. Ndikunena kuti fomu imene ingaime pamaso pa khoti ndi yomweyonso imene imapatsa munthu mwayi weniweni wopulumutsa ntchito yake.

Kalembedwe kake

Chotsani mawu atatu onse aja. M'malo mwake mulowe zimene zinachitika, zimene zinatsatira, ndi zimene zikufunika. Masiku ndi ndalama zili m'munsizi ndangoyerekeza, inu muike zenizeni kuchokera pa malisiti a Msonkho Online ndi a kubanki:

"Msonkho wa PAYE uyenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi uliwonse. Chaka chino unaperekedwa mochedwa katatu: wa Febuluwale pa 21 Malichi, wa Meyi pa 19 Juni, wa Ogasiti pa 24 Seputembala. Kampani inalipira chindapusa chokwana K640,000. Ili ndi vuto lalikulu pa udindo umenewu, ndipo pa gawo losunga nthawi ntchito sinafike pa mlingo wofunika. Kuyambira mwezi uno, mapepala a msonkho azifika pa desiki yanga pofika pa 8 kuti ndiwaone ndi kusayinitsa. Tidzaunikanso pakatha miyezi itatu. Kuchedwa kukachitikanso popanda kundidziwitsa pasadakhale, nkhaniyi idzapita ku ndondomeko ya chilango, kuyambira ndi kalata yochenjeza."

Mulibe chipongwe m'menemo, ndipo palibe angawerenge n'kuganiza kuti wayamikiridwa. Chiganizo chakuti "ili ndi vuto lalikulu" musachichotse ngakhale wina atakupemphani. Musaikemo "pang'ono", "nthawi zina" kapena "mwina". Malikisi agwirizane ndi mawuwo: pa gawo limeneli ndi 2 kapena 1, osati 3. Anthu amayang'ana nambala asanawerenge mawu, ndipo 3 amafufuta ndime yonseyo.

Za mwano, dzifunseni kuti chinachitika n'chiyani kwenikweni. Ngati munawakumbutsa pa 12 iwo n'kuyankha pamaso pa anzawo kuti ntchitoyi anayamba inu muli ku pulayimale, lembani tsikulo ndi mawuwo, ndi kuti makumbutso otere aziyankhidwa ndi tsiku limene ntchito ithe. Ngati simungathe kutchula chochitika ngakhale chimodzi, nkhani ya mwanoyo isalowe pa fomu.

Kufewa kwanu kukhale m'chipindamo. Musawatumizire fomu pa imelo kuti aiwerenge okha. Aitaneni nthawi imene si ya malipiro, tsekani chitseko, apatseni moni woyenera msinkhu wawo, muwatchule kuti bambo monga mwa nthawi zonse. Ulemu wonsewo apatseni, sukuchotsa kanthu pa zolembedwazo. Ndipo musanamalize kulemba, afunseni kuti pa miyezi itatu ija chinachitika n'chiyani, n'kukhala chete kuti ayankhe. Funso limeneli si lamwambo chabe. M'maofesi ambiri a zachuma kuchedwa kwa msonkho kumayambira kwina: mapepala a ovataimu afika mochedwa kuchokera ku nthambi, wosayina wachiwiri wa kubanki ali ku ulendo, kapena mu akaunti munalibe ndalama ndipo wina wamkulu anati dikirani kaye. Ngati mwezi umodzi mwa itatuyo unachedwa chifukwa cha zoterezi, uchotseni pa mutu pawo ndipo mulembe chifukwa chake. Miyezi iwiri yotsalayo idzalemera kwambiri akaona kuti simunawasenzetse za eni. Ngati anaona kuti zichedwa koma sanakuuzeni, ndiye kuti vuto lenileni loti mulembe ndi kusanena msanga.

Njira yodziwira ngati amva ndi imodzi. Musafunse kuti "mwamva?" chifukwa munthu waulemu adzati eya ngakhale asanamve. Apempheni kuti anene m'mawu awo chimene chiyenera kusintha, tsiku lake, ndi chimene chidzachitike chikapanda kusintha. Akati "ndiyesetsa kulimbikira", bwerezaninso modekha mpaka pa 8 ndi kalata yochenjeza zituluke m'kamwa mwawo. Kenako asiyireni malo pa fomu oti alembe maganizo awo, ngakhale otsutsa, ndipo muwauze kuti kusayina kukutanthauza kuti awerenga, osati kuti avomereza zonse. Akakana kusayina, musakangane nawo. Lembani tsiku limene munakambirana, abwana oona za antchito asayine ngati mboni, ndipo bambowo apatsidwe kope yawo.