Utali wa bawuti ya M12 pomanga zitsulo ziwiri

"Ndikumanga zitsulo ziwiri za 10 mm chilichonse ndi bawuti ya M12. Ndigule yaitali bwanji?"

Achimwene, muphatikize zonse zimene bawuti idutsemo. Zitsulozo ndi 20 mm. Mawashala awiri a M12, 2.5 mm iliyonse, ndi 5 mm. Nati wamba ndi 10.8 mm. Kenako mazinga awiri atulukire kunja kwa nati, chifukwa akunsonga sakhala athunthu ndipo sagwira bwino. Pa M12 zinga limodzi ndi 1.75 mm, ndiye 3.5 mm.

`20 + 5 + 10.8 + 3.5 = 39.3 mm`

Gulani ya 40 mm, ndipo poyeza musawerengere mutu. Yaitali mopitirira ndimaiwopa: nati imakafika pothera mazinga, sipanala n'kulimba, koma washala ikuzungulirabe ndi chala.