Supavaiza wanga ndi wankhanza kapena ntchito ndi mmene imakhalira?

"Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndimagwira pa tilu mu shopu ina m'tauni muno. Supavaiza wandipatsa kalata ya chenjezo ati ndachedwa katatu mwezi uno, komanso amakonda kunditchula kuti mbuli pamaso pa makasitomala, ndiye chiyambireni pomwe ndinakana kuti azindiperekeza pa galimoto yake tikaweruka, amangondiika shifiti yotseka tsiku ndi tsiku. Ndi nkhanza zimenezi kapena ndikungodandaula za ziii?"

Achemwali pepani kaye ndi zomwe mukudutsamo. Ine ndakhalapo supavaiza pa holoselo ina kufupi ndi Malangalanga zaka zingapo, ndiye ndalembapo anthu makalata achenjezo, komanso ndisanakwezedwe ndinalawako dzanja la bwana woipa mtima, mbali zonse ziwiri ndikuzidziwa. Chomwe ndingakupempheni ndi choti nkhani zanuzi musazimange mtolo umodzi, chifukwa mukapita nazo kwa manijala kapena ku Leba zili phatiphati, iwo adzangotola yofooka ija nkunena kuti mayi awa ngochedwa pa ntchito basi akusaka pothawira, zinazo nkufera pompo.

Ya kalatayo, ndikuuzeni mosapsatira, ngati munachedwadi masiku atatuwo ndiye kuti munthuyo wagwira ntchito yake. Ndikudziwa mmene minibasi zimavutira m'mawa, wochokera ku Eriya 25 kapena ku Chinsapo amadziwa kuti ukhoza kudzuka 5 koloko koma nkukakhala pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe mpaka nthawi kukuthera uli chikhalire, komabe shopu imatsegula nthawi yomwe munagwirizana. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 56, limalola olemba ntchito kupereka chilango monga kalata ya chenjezo, kuimitsa kaye munthu kapena kumutsitsa udindo, bola chilangocho chikhale choyenerana ndi cholakwacho. Kuwawa kwa kalatayo sikuisandutsa nkhanza ayi. Bwana akhoza kukuuzani nkhope ili gwaa kuti ntchito iyi simunaigwire bwino bwerezani, akhoza kukukanizani tchuthi sabata ya Khirisimasi poti shopu yadzaza, akhoza kukuwerengetsani ndalama za mu tilu kawiri, zonsezi ndi zowawa koma ndi ntchito.

Ine poyeza ndimayang'ana buku losainira m'mawa lija. Mwezi umenewo munachedwa nokha? Ngati mnzanu wa pa tilu ina anachedwa kasanu koma palibe chomwe anamuuza, inu katatu kokha kalata yatuluka, pamenepo kalata ija yasiya kukhala ya ntchito, yasanduka ndodo yomenyera munthu mmodzi. Ndiye pepala lomwelo likhoza kukhala chilungamo kapena kupezerera, zimatengera kuti muyezo wake ndi umodzi kwa onse kapena ayi, komanso ngati anakufunsani kaye kuti mufotokoze mbali yanu. Musakane kusaina, ambiri amalakwitsa pamenepa poganiza kuti kukana ndiye kudziteteza, pomwe bwana amangoitana mboni nkulemba kuti wakana. Sainani koma pambali pa siginecha lembani kuti "ndalandira" ndi deti, mupemphe kope yanu, kenako ngati pali tsiku lomwe mukutsutsa muyankhe molemba.

Tsopano zokutchulani dzina lija pagulu, apo palibenso zoti ntchito. Ndikupatseni chitsanzo chomwe ndinachiona ndi maso. Tinali ndi mtsikana wina pa tilu amene tsiku lina anapezeka ndi shoteji ya K18,000. Supavaiza mnzanga wa shifiti imeneyo anamuyitanira mu kaofesi ka kuseri, anatenga malisiti onse a tsikulo, nkukhala naye pansi kuwerenga limodzi, ndipo zinapezeka kuti anamenya katoni ya sopo kawiri pomwe kasitomala analipira imodzi, ndalama sinasowe, inali nambala chabe. Anamuuza mwamphamvu ndithu kuti ukamenya molakwika uziitana ine nthawi yomweyo tifafanize, osadikira madzulo, ukabwerezanso ndikulembera. Mtsikanayo anatuluka maso ali ofiira inde, koma anatuluka akudziwa chomwe walakwa ndi choti achite mawa.

Miyezi ingapo kutsogolo kunabwera manijala wina watsopano, mnyamata wina naye shoteji, yaing'ono kuposa ija. Bamboyo anaima pakati pa shopu makasitomala ali pa mzere nkumakuwa kuti akuba inu, kwanu kumudzi munazolowera kuba chimanga m'minda ya eni, nkujambula mnyamatayo chithunzi kuponya pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito usiku ndi mawu oti "onani mbava yathu". Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chikasowa dzina linali lake, pa miting'i akayankhula amamudula, ena anayamba kumuthawa pa nkhomaliro kuopa kuti nawo awaika m'gulu lomwelo. Cholakwa chofanana, koma woyamba uja ankalimbana ndi shoteji, wachiwiriyu ankalimbana ndi munthu. Ndipo chizindikiro chake nchosavuta, mukadzudzulidwa dzifunseni kuti kodi pa mawu onse anenedwawa pali chomwe ndingakonze mawa m'mawa? "Uzifika 7:30" mungathe kukonza. "Ndiwe mbuli" mukonza bwanji? Palibe, cholinga chake nchoti muchepe basi.

Chinanso, anthu timasokoneza phokoso ndi nkhanza. Kuli mabwana aukali, okuwa ngati kondakitala wa pa depoti, tsiku la sitokoteki akalipira aliyense kuyambira mlonda mpaka akauntanti, mawa lake aiwala mukudyera limodzi chipisi. Sindikuti nzabwino, ndi khalidwe lonyansa ndithu, koma kupsa mtima kwa tsiku limodzi si kupezerera. Kupezerera kumabwerezabwereza ndipo kumasankha munthu. Ndipo ena oopsa kwambiri sakweza mawu nkomwe, amangosiya kukuuzani kuti miting'i yasintha nthawi kenako nkukufunsani pagulu kuti munali kuti, amakupatsani tageti yomwe iwo eni akudziwa kuti munthu sangaikwanitse, kapena kukulandani ntchito zonse muzingokhala pa mpando ngati mlendo kuti mutope musiye nokha.

Koma yomwe yandikhudza kwambiri ndi ya galimotoyo, ndipo ndi imene ndikanayamba nayo ndikanakhala inu. Kukonza mashifiti ndi udindo wa supavaiza, palibe angatsutse, wina ayenera kutseka shopu basi. Vuto ndi nthawi yomwe zinasinthira. Ngati kale mumasinthana sabata ndi sabata, ndiye mwakana zija basi rosita yasintha inu nokha, uko ndi kukulangani chifukwa chokana, ndipo nkhaniyo yachoka pa kupezerera wamba yafika pa nkhanza zokhudza kugonana. Lamulo la jenda la 2013, pa gawo 6, limati mawu, zizindikiro kapena kukhudza kulikonse kokhudza zogonana komwe munthu sakukufuna, kumene munthu woganiza bwino akanadziwa kuti kumunyazitsa kapena kumuopseza mnzakeyo, ndi mlandu, chilango chake ndi faindi ya K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Iyi siidikira kuti ichitike kakhumi ngati kupezerera kuja, kamodzi nkokwanira.

Pano ndiyankhule mwachilungamo kuti mudziwe pomwe mwaima. Kungonena kuti "tiyeni ndikusiyeni pa siteji" pakokha si mlandu, anthu amapatsana malifiti tsiku ndi tsiku, ndipo iye akafunsidwa adzanena zomwezo kuti ndimangomumvera chisoni mwana wamkazi kuyenda usiku. Chomwe chimalemeretsa nkhani yanu ndi zozungulira, anapempha kangati mutakana kale, ananena mawu otani, amakutumizirani mauthenga usiku kapena ayi, ndiye koposa zonse rosita ya kale ndi ya pano. Ijambuleni pa foni yomwe yapachikidwa pa khomayo, ndipo ngati za miyezi yapitayi zikadali mu faelo kapena pa gulu la ku ntchito, zisungeni lero lomwe zisanafufutidwe. Mauthenga ake musafufute olo akunyanseni bwanji, muwatumizenso ku imelo yanu poti foni imabedwa m'tauni muno.

Gulani kakope ka sukulu kaja muzilemba madzulo aliwonse zikachitika, deti, nthawi, mawu enieni omwe ananena, ndi amene analipo. Osalemba kuti "anandinyoza lero", lembani kuti Lachiwiri cha m'ma 3 koloko, pa tilu yachiwiri, anati chakutichakuti, panali mlonda ndi makasitomala anayi. Kakopeka kazikhala kunyumba osati mu lokala ya ku ntchito. Ine ndinaonapo dandaulo la munthu wozunzikadi likugwa pa hiyaring'i chifukwa atamufunsa kuti zinachitika liti anangoti "nthawi zonse", pomwe bwana wakeyo anabwera ndi mapepala a madeti ochedwa ali ndondondo.

Mukasonkhanitsa, lembani kalata kwa amene ali pamwamba pa supavaizayo kapena ku ofesi yoona za antchito ngati ilipo, yaifupi, ya madeti, ndipo nkhani yochedwa ija muivomere momwemo ngati ili yoona, zimakupatsani mphamvu chifukwa amaona kuti simukubisa kanthu. Musunge kope yosainidwa kuti alandira. Akakhala chete kapena zikafika poipa, pitani ku ofesi ya Leba ya boma la Lilongwe, ndipo pa mbali ya jendayo bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC ndi lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira lamulo limeneli, likulu lawo lili konkuno, komanso poti ndi mlandu mukhoza kukanena ku polisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa ija.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri, musalembe kalata yosiya ntchito mutapsa mtima. Ndi zoona kuti gawo 60 la lamulo la ntchito lija limalola munthu kusiya popanda notisi ngati khalidwe la olemba ntchito lafika poti sangayembekezeredwe kupitiriza, ndipo khothi la za ntchito la IRC likhoza kuitenga ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo, koma amene adzafunike kuonetsa umboni ndinu, ndipo funso loyamba lidzakhala loti munadandaulapo kwa ndani musanachoke. Mukangolemba kuti "ndasiya pa zifukwa zanga" ndiye mwawapatsa mphatso. Akakuchotsani iwo, gawo 57 limafuna chifukwa chomveka komanso kuti akumveni kaye mbali yanu, ndipo dandaulo ku Leba lipite isanathe miyezi 3, musakhale nalo kunyumba mukudikira kuti mtima utsike.

Pakadali pano yesetsani kufika nthawi yake olo zitanthauze kukwera minibasi yoyambirira, chifukwa munthu ameneyo akangomva kuti mwadandaula, malo oyamba omwe adzathamangire ndi buku losainira lija.